Fayilo ya Mtsikana Amene Anali Gadiyani

Ndinafika ku Mzuzu ndi sutikesi imodzi, juzi imodzi yopyapyala, ndi matama okwanira anthu atatu. Ndinkachokera ku Limbe, kumene ndinaphunzira ntchito ya ulembi, ndipo ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti kumpoto konse kunalibe munthu wotayipa mwachangu ngati ine. Juzi ija inandichititsa manyazi sabata yoyamba yomwe, mvula yowaza itayamba m'mawa osaleka mpaka madzulo. Matama aja anatenga miyezi ingapo kuti athe.

Ntchito ndinaipeza pa koleji ina yaing'ono cha ku Luwinga, imodzi mwa zija zinkatsegulidwa nthawi imeneyo mzinda ukukula. Aliyense wokhala ndi kamalo kuseri kwa nyumba ankamangapo zipinda zoti ophunzira azichita lendi, ndipo maminibasi opita m'tauni ankadzaza mpaka kondakitala kupachikika pakhomo. Ine anandiika mu ofesi yoona za ophunzira. Mwa ntchito zanga, imene ndinkainyadira kwambiri inali ya komiti yomva madandaulo a ophunzira amene aphonya mayeso. Wophunzira ankabweretsa kalata ndi umboni wake, ine n'kuika mufayilo. A komiti anali aphunzitsi asanu otanganidwa, opanda nthawi yowerenga mulu wa mapepala, choncho ndinkawalembera chidule cha fayilo iliyonse, n'kupanga fotokope zisanu, aliyense yake. Zidule zanga zinkatamandidwa kuti sizisiya kanthu, ndipo ine mawu amenewo ndinkawamva ngati nyimbo.

Tsiku lina Lachiwiri kunabwera mtsikana wa chaka chachitatu, wophunzira za uphunzitsi, wamfupi, nsapato zili matope ofiira mpaka m'mbali. Anali ataphonya mayeso atatu chifukwa ankadwazika mayi ake ku chipatala chachikulu. Amene anagonekedwapo m'chipatala cha boma akudziwa kuti wodwala wopanda gadiyani amavutika. Gadiyani ndiye amaphika, kuchapa, kusambitsa wodwala ndi kuthamangira anamwino zinthu zikafika povuta. Mtsikanayu anali woyamba kubadwa, ndipo panalibenso wina woti akagone pansi pa bedi lija. Komiti ikanavomera dandaulo lake, akanalemba mayeso apadera n'kupitirira ndi anzake. Ikanakana, akanabwereza chaka chonse, ndipo anandiuza osazungulira kuti zikatero sabweranso.

“Ndabweretsa zonse, madamu,” anatero, akuika envulopu yonenepa pa tebulo langa. “Kuti asanene kuti ndikunama.”

Analidi atabweretsa zonse. Munali kalata yake. Munali fotokope ya buku la kuchipatala la mayi ake, lonse lathunthu, kuyambira pachikuto mpaka tsamba lomaliza. Buku limeneli, monga tonse tidziwa, silisankha. Mumakhala malungo a zaka zapitazo, za kusikelo, zoyezayeza zonse, ndi chilichonse chimene dokotala analembapo pa moyo wa munthu. Munalinso masamba khumi ndi limodzi a mauthenga a pafoni amene ankalemberana ndi mayi ake aang'ono a ku Rumphi, osindikizidwa pa kashopu ka fotokope pafupi ndi siteji. Ankafuna kuonetsa kuti masiku onsewo anali mu wodi. Koma anthu akamalemberana ali pa mavuto salemba masiku okha. Munali kulira, munali mkangano wa m'banja, munalinso mawu okhudza bambo ake amene sakanayenera kutuluka m'foni.

Ndinawerenga zonse, ndipo ndisaname, ndinawerenga mosangalala, ngati munthu amene wapeza nkhani yokoma. Matenda a mayi aja ndinawadziwa tsiku lomwelo. Pano sindiwatchula. Ndingonena kuti ndi ena mwa matenda amene mayi wamkulu safuna kuti amuna a kumpingo kwake aziwakambirana. Ndinakhala pa kompyuta zala zikuuluka, ndipo pofika masana ndinali ndi masamba anayi okongola. Ndinaikamo mbiri ya matenda kuyambira kale, mayina a mankhwala, ndi ndime zitatu za mauthenga aja zimene ndinaona kuti zifewetsa mitima ya a komiti. Ndinkati ndikumuthandiza mwana wa eni.

Lamulo la pa kolejipo linkati mapepala a kuchipatala azionedwa kaye ndi namwino wa pa kiliniki yathu, kuti atsimikize kuti ndi enieni. Namwinoyo tinkangowatchula kuti a Sisitala. Anali mayi wamtali wa ku Mzimba, atagwira ntchito m'zipatala za boma mpaka kupuma, ndipo Chichewa chawo chinkatuluka ndi kamvekedwe ka Chitumbuka kamene ine, mwa kupusa kwanga, ndinkakatsanzira kuseri. Iwonso sankandisiya. Ankanditchula kuti wa ku Limbe, ndipo ankati ndimayenda ngati ndikuthamangira sitima.

Ndinawapatsa fayilo pamodzi ndi masamba anga anayi, n'kukhala pa benchi kudikira kuyamikiridwa. Anavala magalasi. Anawerenga tsamba loyamba, lachiwiri, kenaka anadzuka n'kukatseka chitseko.

“Wa ku Limbe, walemba makora chomene,” anatero. “Ukanakhala wa nyuzi ukanalemera. Tsopano undiuze, komiti ikufunsa funso lanji?”

“Ngati mtsikanayu anali ndi chifukwa chomveka chophonyera mayeso.”

“Enya. Nanga wodwalayo ndi wophunzira wathu?”

“Ayi, ndi mayi ake.”

“Mayi akewo akudziwa kuti buku lawo lili pa tebulo lako?”

Funso limenelo linali lisanandibwerere n'komwe. A Sisitala anapitiriza osakweza mawu. Anandiuza kuti nditchule a komiti mmodzimmodzi. Nditafika pa wachinayi, mphunzitsi wa masamu wa imvi, munthu wabwino wokonda kupempherera aliyense, anandiimitsa. Anatembenuza fotokope ya chikuto cha buku lija n'kundionetsa dzina la mayiyo, kenaka kalata ya mtsikana, pamene analemba kuti kwawo ndi ku Geisha. Anati bambo amenewo ndi mkulu wa mpingo kumene mayiyu amapemphera, ku Katawa, ndipo iwo eni amawaona onse awiri Lamulungu lililonse.

“Mzuzu ukukula nyumba zokha,” anatero. “Anthu ndi omwewo. Iwe upanga fotokope zisanu. Ina ikagona m'galimoto, ina pa tebulo la kunyumba pamene mkazi wa munthu amaika tiyi.”

Ndinapsa mtima, chifukwa ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, makamaka ndikakhala wolakwa. Ndinati mtsikanayo anabweretsa yekha, sindinabe ine. A Sisitala anavomera kuti anabweretsadi yekha, koma buku silinali lake, ndipo mauthengawo theka linali la mayi ake aang'ono amene sanafunsidwe ndi aliyense. Anandionetsanso ndime ina pamene ndinamasulira zilembo zachidule za dokotala mwa nzeru zanga. Anati pawiri ndinalondola, pamodzi ndinaphonya, ndipo ngakhale ndikanalondola ponse, kumasulira zolemba za dokotala si ntchito ya mlembi.

Kenaka anandifunsa kuti mapepala olakwika a mu ofesi mwanga amapita kuti. Ndinati mu katoni ya pakona. Anafunsa kuti katoniyo ikadzaza amaitenga ndani. Mapepala athu akale tinkawapereka kwa mayi wogulitsa mandasi pa geti, kuti azikulungira. Tsiku lomwelo m'mawa ndinali nditaponyamo tsamba loyamba la chidule changa, limene pulinta inalipinda. Sindinatsanzike. Ndinathamanga m'khonde monse, ophunzira akundipatukira, ndipo ndinalipeza lili pamwamba penipeni pa katoni. Nditabwerera ku kiliniki ndikupuma wefuwefu, tsamba lili m'manja, a Sisitala anali akuseka mpaka kupukuta misozi.

“Lero ndiye sitima waipeza,” anatero.

M'mawa mwake ndinabwera ndi chidule china. Ndinali nditadula mokwiya, ngati munthu wosadza mtengo umene wamugwetsera nthambi pa denga. Panatsala mizere itatu yonena kuti wophunzirayu ankadwazika wachibale pa nthawi ya mayeso onse atatu, umboni ulipo, ndipo namwino wauona. Ndinaponya pepalalo pa tebulo lawo n'kunena kuti tsopano palibe chinsinsi cha munthu chimene chatuluka.

A Sisitala sanasaine. Anatsegula fotokope ya buku lija n'kuloza ndi cholembera. Mayi aja anagonekedwa sabata ziwiri, ndipo anatulutsidwa Lolemba. Mayeso awiri oyamba anagwera mkati mwa sabata ziwirizo. Achitatu analembedwa Lachitatu, patapita masiku awiri mayi atatuluka. Ine zimenezi ndinali nditaziona, koma ndinazipondereza, chifukwa mtsikana uja ndinali nditamukonda kale.

“Yayi, mwana wane,” anatero. “Dzulo unaulula zosafunika. Lero wabisa zofunika. Masiku ndi a komiti, ayenera kuwaona monga alili, ngakhale akumupweteka mwanayo. Ukabisa, mawa wina akazitulukira, chidule chako sadzachikhulupiriranso, ndipo ovutika adzakhala ana ena.”

Chowawa n'chakuti yankho la Lachitatu lija linalipo m'buku lomwelo. Tsiku limenelo mayiyo anauzidwa kubwerera ku chipatala kukaonedwanso, ndipo anali asanayambe kuyenda okha. Koma tsambalo linali ndi chidindo cha kiliniki ya matenda awowo, ndipo aliyense wodziwa kuwerenga akanangoona chidindocho n'kudziwa zonse. Tsambalo likanamupulumutsa mtsikana, lomwelonso likanawavula mayi ake. A Sisitala anati njira ilipo, koma si ife oyenera kusankha. Mwini buku afunsidwe.

Ndinamuitanitsa mtsikana uja, n'kutseka chitseko monga ndinaonera kwa a Sisitala. Nditamufunsa ngati mayi ake akudziwa za fotokope, anayang'ana pansi. Anati bukulo analitenga m'chikwama mayi ali m'tulo masana, n'kulibweza asanadzuke. Nditamutchulira mphunzitsi wa masamu uja, anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Sanaganizepo. Iye ankangoona mayeso ake, monga inenso ndinkangoona chidule changa. Ndinamufotokozera kuti palibe wa komiti amene waona kanthu, kuti owerenga ndife awiri okha, ine ndi a Sisitala, ndipo kuti akawauze mayi ake zoona zonse.

Anabweranso Lachisanu akumwetulira mwamantha.

“Andikalipira mpaka aneba kusuzumira,” anatero. “Kenaka akuti mubwere mawa masana. Akuti akufuna aone nkhope ya munthu amene wawerenga buku lawo.”

Ndinapempha a Sisitala kuti atsagane nane. Anakana mosangalala. Anati iwo sanaitanidwe, ndipo munthu wa ku Limbe saopa kanthu.

Ndinakwera kabaza mpaka ku Geisha, envulopu ili mkati mwa juzi yanga yatsopano yokhuthala, ndipo njira yonse ndinkakonza mawu opepesera. Nyumba inali yaing'ono, ya njerwa zootcha, nthochi zitazungulira kuseri. Mayi aja ndinawapeza pa mkeka pakhonde, akuwothera kadzuwa, atafunda zitenje ziwiri. Anali owonda, koma maso awo anali akuthwa. Ntchito yawo inali yogulitsa nyemba ndi mpunga mu msika waukulu, ndipo anandiyang'ana momwe amayang'anira kasitomala wofuna kunenerera.

“Monire, mama,” ndinatero, ndikugwada, ndi Chitumbuka changa cha miyendo itatu.

“Yewo. Ndimwe?” Anatembenukira mwana wawo. “Ndimayesa ndi chimunthu chachikulu. Kani ndi kamtsikana.”

Anaseka, inenso ndinaseka, ndipo mawu onse amene ndinakonza pa kabaza anathawa. Ndinangonena kuti ndinawerenga zimene sindinayenere kuwerenga mpaka kumapeto, ndipo ndapepesa. Anandifunsa mafunso atatu, motsatizana, ngati akuwerenga makapu a nyemba. Waona ndani. Wauza ndani. Mapepala ali kuti. Ndinayankha, n'kutulutsa envulopu ija kuwapatsa m'manja. Anaiika pansi pa ntchafu yawo.

Kenaka ndinawafotokozera za Lachitatu lija, ndi njira ziwiri zimene a Sisitala anandiuza. Yoyamba, alole kuti tsamba la chidindo lionetsedwe kwa a komiti. Yachiwiri, apite iwo eni ku chipatala akapemphe kalata yonena masiku okha, tsiku logonekedwa, tsiku lotuluka, tsiku lobwerera, ndi kuti masiku onsewo ankafunika wowasamalira, popanda kutchula matenda kapena wodi, yodindidwa ndi chidindo cha chipatala chonse osati cha kiliniki ija. Ndinawachenjeza kuti yachiwiriyo ndi yotopetsa, pali mzere wautali, ndipo komiti ikumana Lachinayi.

Anayang'ana mwana wawo amene ankanamizira kusesa pabwalo poyera kale.

“Uyu wagona pa simenti sabata ziwiri chifukwa cha ine,” anatero. “Zikanakhala kuti njira ndi imodzi, ndikanati onetsani, aseke amene akuseka. Koma poti ilipo ina, mzere sungandiphe. Lembani kuti ndinadwala, ndinagonekedwa, ndipo mwana wanga ndiye ankandinyamula. Zimenezo ndikufuna azidziwe, azidziwe chomene. Dzina la matenda ndi langa.”

Nanga mauthenga a pafoni aja? Anati amenewo ngakhale iwo sakufuna kuwawerenga, chifukwa akudziwa kuti mng'ono wawo pakamwa pake palibe chitseko. Anamuuza mtsikana kuti akawaponye pa mbaula pomwepo, ife tikuona. Utsi wake unatitsokomoletsa tonse atatu.

Lolemba anapita ku chipatala ndi mwana wawo, ndipo Lachiwiri madzulo kalata inafika pa tebulo langa. A Sisitala anaiyang'ana chidindo ndi siginecha, n'kugwedeza mutu kuvomera. Ndinalemba chidule chachitatu. Chinali cha mizere isanu ndi iwiri, ndipo chinanditengera nthawi yaitali kuposa masamba anayi aja. Pamwamba ndinaika nambala ya wophunzira m'malo mwa dzina. Ndinalemba kuti akupempha mayeso apadera atatu. Ndinalemba masiku a mayesowo. Ndinalemba kuti kalata ya chipatala, imene namwino wa koleji waiona, ikutsimikiza kuti kholo lake linagonekedwa kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti, ndipo mayeso awiri akugwera m'masikuwo. Ndinalemba poyera kuti mayeso achitatu analembedwa wodwala atatuluka, koma kalata yomweyo ikuti tsikulo anabwerera kukaonedwanso ndipo ankafunika womuperekeza. Ndinasiyanitsa zimene kalata ikunena ndi zimene wophunzira akunena yekha, zakuti panalibe wachibale wina womulandira. Mzere womaliza unati wodwalayo walola kuti izi zokha ndizo zinenedwe.

Masamba anayi aja tinakawatentha kuseri kwa kiliniki, kumene a Sisitala ankatenthera zinyalala zawo. Mu kompyuta ndinawafufuta, ndipo a Sisitala, amene ankati makina sawadziwa, anandiimirira kumsana mpaka nditafufutanso mu kabini kamene zofufutidwa zimakabisala. Kompyutayo tinkagwiritsa ntchito anthu atatu.

Lachinayi komiti inakumana mu kalasi ina yopanda anthu, mvula ikugogoda malata. Ndinagawa mapepala asanu, lililonse nditalilemba nambala pakona kuti ndiwatolere onse pomaliza. Wapampando, mayi wophunzitsa Chingelezi, anatembenuza pepala lake kufuna tsamba lachiwiri, ndipo atalisowa anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

“Lero mwatipatsa holide?” anafunsa.

Onse anaseka. Anawerenga, anafunsana za Lachitatu lija, mmodzi anapempha kuona kalata ya chipatala, ndipo inazungulira n'kubwerera kwa ine. Zinthu zinkayenda bwino. Ndiye mphunzitsi wa masamu uja anakweza mutu. Nambala sinamubisire kanthu, chifukwa ankaphunzitsa kalasi imeneyo ndipo ankadziwa mpando umene unali wopanda munthu pa mayeso.

“Mwana uyu ndamudziwa,” anatero. “Mayi ake timapemphera nawo. Tinangomva kuti ali m'chipatala. Kodi kwenikweni chikuwavuta n'chiyani, kuti tikawakumbukire bwino m'mapemphero?”

Anafunsa ndi mtima woyera, zimenezo sindikayika mpaka lero. Ndipo kwathu kuno munthu wamkulu akakufunsa za wodwala, kusayankha kumaoneka ngati mwano. Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinamva yankho lili pa nsonga ya lilime, lathunthu, ndi mayina a mankhwala omwe.

“Adada, zimenezo mu fayilo mulibe,” ndinatero. “Eni ake anatilola kunena masiku okha.”

Kenaka bambo aja anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

“Chabwino, mwana wanga,” anatero. “Mulungu akuwadziwa kale matendawo, safuna chidule.”

Wapampando anati poti bambowo akulidziwa banjalo, ndi bwino asavote nawo pa nkhani imeneyi, ndipo iwo anavomera n'kupinda manja. Anayi otsalawo anavomereza mayeso onse atatu. Ndinatolera mapepala anga, kuwerenga kuti akwana asanu, n'kutuluka mwaulemu ngati munthu wamkulu. Nditangokhota pakona ya khonde ndinathamanga.

Mtsikana uja ankadikira ku kiliniki, atakhala pa benchi ya odwala. Nditamuona ndinangokweza zala zitatu. Analumpha n'kundikumbatira, tonse tinagwera pa sikelo yoyezera anthu, ndipo a Sisitala anatithamangitsa kuti tikuwaonongera katundu wa koleji. Koma anatitsatira panja, n'kutigulira mandasi pa geti, atatu aliyense. Ndinayang'ana pepala limene anakulungira. Linali la ndandanda ya maphunziro ya chaka chatha, ndipo ndinadya mtima uli m'malo. Kuyambira sabata imeneyo mu ofesi mwanga munali makatoni awiri, ina ya mayi wa mandasi, ina ya moto, yokhala mu kabati ya loko.

Panali chinthu china chimene palibe anandichenjeza. Kudziwa za munthu kumalemera ngakhale fayilo itatsekedwa. Mayi aja atayambanso kupita ku msika, ndinkagula nyemba pa benchi lawo mwezi ndi mwezi. Moni wa kuno ndi wautali, amafunsa za thupi, za ana, za kunyumba, ndipo ine pakamwa pankandiyabwa kufunsa ngati mankhwala akuti akuwayanja, ngati tsiku lobwerera ku chipatala layandikira. Amayi a mabenchi oyandikana makutu ali tcheru. Ndinkangoti, “Muli uli, mama?” Iwo n'kuti, “Nili makora,” n'kundiwonjezera nyemba dzanja limodzi. Ndinkachoka pamenepo nditatopa ngati ndasenza thumba, koma ndili wokondwa.

Mtsikanayo analemba mayeso ake atatu n'kukhoza onse, ndipo chaka chotsatira anamaliza maphunziro. Tsiku la zikondwerero ndinamuona atavala gauni yomukulira, mayi ake akuvina patsogolo pake ndi nthungululu, atanenepa pang'ono, chitenje chatsopano chili phuliphuli. Mphunzitsi wa masamu uja anawagwira chanza ndi manja awiri, n'kunena kuti mpingo wonse ukunyadira. A Sisitala anandigunda ndi chigongono.

Loweruka lake mayi aja anatiitana ku Geisha. Kunali anthu odzaza bwalo, wailesi ikulira, ndi mphika waukulu wa nthochi zophika ndi nyama. Mayi aang'ono a ku Rumphi aja analiponso, ndipo pakamwa pawo panalibedi chitseko. Anandifunsa kuti ndine ndani, ndinati ndine wa ku ofesi ya ku koleji, ndipo anandiuza kuti anthu a m'maofesi sitigwira ntchito, timangosuntha mapepala. Ndinavomera ndi mtima wonse.

Anthu atayamba kuvina, mayi a mtsikana uja anandikoka dzanja kupita kuseri kwa nyumba, pansi pa nthochi, kumene phokoso linkamveka patali. Anakhala pa mtondo wogwetsa, ine pa njerwa.

“Ndikufuna ndikuuzeni zimene ndinkadwala,” anatero.

“Mama, mukudziwa kuti ndinawerenga.”

“Munawerenga za dokotala. Ine sindinakuuzeni.”

Ndiye anayamba, kuyambira tsiku limene anamva kupweteka koyamba ali pa benchi la nyemba, miyezi imene anabisa ngakhale kwa mwana wawo, mantha a tsiku la opaleshoni, ndi nthabwala za amayi a bedi loyandikana ndi lawo zimene zinkawaseketsa mpaka ulusi kuwawa. Dzina la matenda analitchula okha, momveka, osatsitsa mawu. Zambiri mwa zimene ananena m'buku muja munalibe. Ndinamvetsera mpaka kumapeto osawadula, misozi ikutsika ine ndikuseka, ndipo atamaliza anandipukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje chawo chatsopano.

“Basi,” anatero. “Tsopano mwamva kwa mwini wake. Tiyeni tikavine, nyama ingathe.”